Nyemba Zinayi za pa Tebulo Langa

Anthu a mbali ya kwa Dzoole amandidziwa kuti ndine nesi wa pakamwa. Sindikana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pa chipatala chaching'ono cha mishoni m'mapiri a ku Dowa muno, ndipo mayi amene waiwala kabuku ka mwana kunyumba amayamba kupepesa akadali pa geti. Dzina langa ndine Magdalena, koma amalitchula ndi abusa okha. Ena onse amangoti a Nesi. Pakamwa pomwepa ndi pamene ndinapasulira banja la eni ake. Sindinatukwane munthu ayi. Ndinangoika nyemba zinayi pa tebulo ndili pa changu.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa kuja, pamene Aroni ndi mkazi wake Susana anabwera kudzamva zotsatira za magazi. Mwana wawo woyamba, Chikhumbo, anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Masabata angapo m'mbuyomo anabwera naye atatupa tizala ta m'manja ndi m'mapazi, maso achikasu, akulira mosatonthozeka. Tinamuthandiza ululu, n'kutenga magazi ake ndi a makolo onse awiri kutumiza ku Lilongwe. Tsopano mapepala anali atabwera.

Aroni ndinamukonda nditangomuona. Amuna ambiri kuno amathera pa geti, atatsamira njinga, ngati kusikelo kuli chimbalangondo. Iye analowa, n'kuvula chipewa, n'kukhala pa benchi pambali pa mkazi wake. Zala zake zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Anali munthu womvetsera ndi nkhope yonse, wa mtundu uja wosunga kapepala kalikonse ka alangizi a zaulimi m'jumbo.

"Mwana wanu ali ndi matenda a sikoselo," ndinawauza. "Si ufiti, si tsempho, palibe anadumpha mwambo. Anabadwa nawo."

Susana anamukumbatira mwanayo zolimba. Aroni anafunsa kuti, "Anawatenga kuti, a Nesi? Ife tonse tili bwinobwino. Ine chibadwire sindinagonepo m'chipatala."

"Mvetserani. Munthu aliyense ali ndi mbewu ziwiri zopangira magazi, ina analandira kwa bambo ake, ina kwa mayi ake. Pali mbewu ya masiku onse, timailemba A. Pali ina yopotoka, timailemba S. Pepala lanu, bambo, lalembedwa AS. La mayiwa nalonso AS. Ndiye kuti aliyense wa inu ali ndi imodzi yabwino ndi imodzi yopotoka."

"Ndiye tikudwala osadziwa?"

"Ayi! Apa ndiye mumvetsetse. Inu ndinu onyamula chabe. Mbewu yabwinoyo imakukwanirani. Simudwala sikoselo, ndipo sizidzasintha n'kukhala matenda mukakalamba. Limani, sokani fodya wanu. Kungoti pa ntchito ya thukuta kwambiri muzimwa madzi. Koma Chikhumbo analandira S kwa inu, n'kulandiranso S kwa mayi ake. Pepala lake ndi SS. Alibe yabwino yoti imuchirikize. Timaselo tofiira ta m'magazi mwake, m'malo mokhala tobulungira ndi tofewa, timauma n'kupindika ngati zenga lomwetera udzu. Tikatero timatsekera m'timitsempha, ndiye ululu ndi kutupa kuja. Timafanso msanga, n'chifukwa chake magazi amamuchepera."

Ndinawaonetsa mankhwala: penisilini woteteza ku matenda, timapiritsi tothandiza kupanga magazi, ndi oteteza malungo. Ndinati mwana azigona m'neti, azimwa madzi ambiri, azifunda, ndipo thupi likangotentha asadikire kuti kuche bwino kapena njinga ipezeke. Mpaka apa ndinagwira ntchito yanga bwino, ndipo ndikanati ndilekere pomwepo bwenzi lero ndikugona tulo.

Aroni anapotokola chipewa chake m'manja kwa kanthawi. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"A Nesi, tiuzeni zoona. Tilekere pomwepa kubereka? Ine sindifuna kubweretsa mwana wina kuti adzalire chonchi. Ngati ndi choncho, amake Chikhumbo ayambe kulera lero lomwe."

Linali Lachiwiri, tsiku la sikelo. Mzere wa amayi unafika pa mtengo wa bulugamu, ndipo ndinali ndekha chifukwa mnzanga anali ku maliro. Pansi pa tebulo panali kathumba ka nyemba zosakaniza kamene mayi wina anandipatsa m'mawa. Ndinapisamo dzanja, n'kusankha zinayi: yoyera imodzi, zamawanga ziwiri, yofiira imodzi. Ndinazindandalika pa tebulo ngati ana a sukulu pa mzere.

"Onani. Makolo onse akakhala AS, mwa ana anayi, mmodzi alibe chilichonse. Awiri ndi onyamula ngati inu, abwinobwino. Mmodzi ndiye wodwala."

Aroni anaziyang'ana nyembazo. Anatola yofiira ija.

"Ndiye uyu ndi Chikhumbo."

"Eya."

"Ohoo," anatero, nkhope ikumasuka. "Ndamva tsopano. Ili ngati kasinthasintha wa fodya. Munda ukalandira fodya chaka chino, umapuma zaka zitatu, fodya osabweramonso mpaka chachinayi."

Ndinamva. Ndisanamizire phokoso, mawu amenewo analowa m'khutu mwangamu onse. Koma nthawi yomweyo wina anagogoda kuti a Nesi, ayezi wa m'bokosi la katemera akusungunuka, ndipo panja amayi anali atayamba kung'ung'udza. Ndinaimirira ndikutseka kabuku.

"Eya, eya, chimodzimodzi," ndinatero. "Mubwere mwezi wamawa. Wotsatira!"

Aroni anaika nyemba yofiira ija m'thumba la shati, n'kundithokoza ndi manja awiri.

Zaka zinapita. Chikhumbo anakula movutikira, koma anakula. Mwezi uliwonse ankabwera, nthawi zina pa msana pa mayi ake, nthawi zina pa keliyala ya njinga ya bambo ake atakulungidwa m'jekete. Kawiri tinamutumiza ku chipatala cha boma kukamuwonjezera magazi. Pambuyo pake anayamba kulandira mankhwala aja a hayidulokisiyuliya, ululu n'kuyamba kubwera patalipatali. Susana ndinamuzolowera ngati mng'ono wanga. Anali mkazi wosalankhulalankhula, wa ku mapiri a ku Ntchisi, amene Aroni anamutenga chitengwa kubwera naye kwa Dzoole. Anaphunzira kupapasa pamimba pa mwana kuona ngati kapamba watupa, ndipo ankayang'ana m'zikope ndi m'zikhatho kuposa anesi ena amene ndagwira nawo ntchito.

Patatha zaka zitatu anabereka mtsikana, Diana. Tinamuyeza, n'kupezeka AS. Susana atamva chilembo cha S anagwira pamtima.

"Iyayi, khazika mtima pansi," ndinamuuza. "Uyu ali ngati iwe ndi bambo ake. Wanyamula chabe. Safunika penisilini, safunika kubwera mwezi ndi mwezi. Chachikulu, akadzakula n'kupeza mwamuna, onse awiri adzayezetse asanapite kwa abusa."

Aroni anaseka, n'kugunda pa thumba la shati. "Yamawanga imeneyo, a Nesi. Zatsala ziwiri, zonse zabwino."

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinaseka naye! Ndinayesa nthabwala za bambo wosangalala. Mulungu anandipatsa mpata wachiwiri m'manja, ine n'kuuseka. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kuposa za tsiku loyamba lija.

Mwana wachitatu, Obed, anabadwa chaka chatha. Pamenepo n'kuti tayamba kulandira tizipangizo toyezera pompopompo, tongobaya mwana pa chidendene. Tsiku limene anabwera naye ku katemera wa masabata asanu ndi limodzi, ine ndinali ku maphunziro ku Mponela. Anamuyeza nesi mnzanga wachitsikana, n'kuwauza bwinobwino kuti SS, n'kuwauza tsiku loyambira mankhwala. Nditabwerako ndinaona m'kaundula, mtima n'kundipweteka, ndikuti ndidzacheza nawo akabwera. Mwezi wotsatira sanabwere. Winawo sanabwerenso. Ndinatumiza uthenga kwa Dzoole, yankho n'kubwera loti mayiyo kulibe.

Anatulukira mwezi wachitatu, masana dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Obed anali kumsana, Chikhumbo akumukoka pa dzanja. Chikhumboyo milomo inali itayera. Ine pakamwa panga panatsogola monga mwa masiku onse.

"Susana! Miyezi iwiri mwana wopanda mankhwala? Wapenga? Ukufuna umuike m'manda?"

Anatulutsa mabuku a ana m'jumbo, n'kuwaika pa tebulo.

"Musinthe mudzi pamenepo, a Nesi. Ndili kwathu ku Ntchisi."

"Kukatani?"

"Anandibweza."

Ndinakhala pansi. Anafotokoza mosakweza mawu, maso ali pa khoma. Zinayamba tsiku la zotsatira za Obed lija. Aroni atafika kunyumba anatulutsa nyemba yofiira ija, imene ankaisunga m'jumbo ya mapepala a alangizi, n'kuiika pa mphasa. Anati a Nesi ananena okha kuti mwa ana anayi wodwala ndi mmodzi. Wathu wodwala tinalandira kale. Diana anabwera monga ananenera. Ndiye uyu wachitatu, wodwalanso, wachokera kuti? Magazi anga ndi ako sangatulutse yofiira kawiri. Uyu wayambira mzere wina, wa mwamuna wina.

"Ndinalumbira, a Nesi. Ndinagwira Baibulo. Anati Baibulo aligwira ambiri, koma chipatala sichinama."

Abale inu! Ndinkafuna nditukwane Aroni, ndimutchule mbuzi. Koma munthuyo sanapeke kanthu. Anatenga chiphunzitso changa, n'kuchisunga zaka zisanu ndi chimodzi mosamala kuposa mmene ine ndinachiperekera.

Ndinathandiza ana, n'kuyambitsa Obed penisilini wake. Pa mabuku paja ndinatenga pensulo, n'kulemba mudzi wa ku Ntchisi pamwamba pa wa kwa Dzoole, mopepuka, kuti podzafufuta pasadzavute.

"Ankhoswe akumana liti?" ndinafunsa.

"Loweruka likubwerali, kwa amalume. Akuti adzamalize nkhani."

"Ndibwera."

"Kudzatani, a Nesi?"

"Kudzalapa," ndinatero.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto ya kabaza m'mawa, yunifolomu nditavala dala, m'chikwama muli makapu awiri apulasitiki ndi nyemba. Msewu wa kumeneko ndi wokwera ndi kutsika, miyala yokhayokha, ndipo ndinafika msana ukulira. Anthu anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kuchikazi kunali a Samueli, malume ake a Susana, mkulu wa mpingo wa mutu wa imvi. Kuchimuna kunali a Andreya, mkulu wake wa Aroni, amene anali nkhoswe yake. Aroni anakhala pa njerwa, wowonda, ndevu zosameta. Susana anali pa mkeka chapatali, akuyamwitsa.

A Andreya atandiona anasangalala. "Eya, mwachita bwino a Nesi. Mboni yafika yokha. Nenani zimene munauza mng'ono wangayu."

"Ndinena," ndinatero. "Ndinamuuza zolakwika."

Onse anatembenukira kwa ine. Nkhuku yokha ndi imene inapitiriza zake.

"Sindinaname dala, koma ndinafotokoza mopereweza, ndipo iye atamva molakwa ndinavomereza. Kawiri konse. Bambo Aroni, mlandu umene mwaika pa mkazi wanu ndi wanga. Ndiloleni ndikonze pamaso pa akuluakuluwa."

Ndinatulutsa makapu aja. M'kapu iliyonse ndinaikamo nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira.

"Tsiku lija ndinati nyemba ndi ana. Iwalani zimenezo. Lero kapu iyi ndi inu, bambo. Yoyera ndi A, yofiira ndi S. Kapu iyi ndi Susana, chimodzimodzi. Mimba ikamakhala, bambo amapereka mbewu imodzi mwa ziwiri zake, mayi imodzi mwa ziwiri zake. Palibe amasankha. Tsinzinani, mupise dzanja, mutole imodzi."

Aroni analandira kapu monyinyirika. Susana anayamba wayang'ana a malume ake, iwo n'kugwedeza mutu, ndiye anasendera pafupi. Anatsinzina onse, n'kutola. Aroni yoyera, Susana yofiira.

"Mwana ameneyo ndi AS, wonyamula, ngati Diana. Sadwala. Bwezerani m'kapu, mukhutchumule, mutolenso."

Anatolanso. Zonse ziwiri zofiira.

"Ameneyo ndi SS. Chikhumbo."

Aroni anatenga yofiira yake n'kuiika pambali, pa njerwa.

"Mukuipititsa kuti?" ndinafunsa.

"Yatuluka kale imeneyi."

"Bwezerani."

"Bwanji? Si yagwira kale ntchito?"

"Bambo, mutabereka Chikhumbo, mbewu ya S inakutherani m'thupi? Nditakubayani chala lero, pepala lidzati chiyani? Lidzati AS, monga kale, mpaka tsiku lokuikani m'manda. Munda umakumbukira kuti chaka chatha munali fodya. Mimba sikumbukira kanthu. Iliyonse imayambira pachiyambi, makapu ali odzaza. Bwezerani."

Anabwezera. Anatola kachitatu: zoyera zonse. Ndinati ameneyo ndi AA, alibe chilichonse. A Andreya anatsokomola mokhutira, ngati akuti mwaona, zikuyenda mwa dongosolo lake. Anatola kachinayi. Aroni anatambasula chikhatho, Susana anatambasula chake. Zofiira zonse.

Aroni anangoti maso tong'o pa chikhatho chake.

"Aaa, zangochitika izi," anatero a Andreya. "Bweretsani kuno." Analanda makapu onse awiri, ina n'kupatsa a Samueli. Akuluakulu awiri aja anayamba kutola ngati ana akusewera. Anatola kasanu ndi kawiri, zofiira ziwiri osakumana n'kamodzi komwe. Kenako zinakumana, n'kukumananso motsatizana. A Andreya anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye mmodzi mwa anayi uja ali pati?" anafunsa a Samueli.

"Ali pa mimba iliyonse payokha, abambo. Njira zotolera zilipo zinayi. Yoyera ndi yoyera, mwana alibe kanthu. Yoyera ya bambo ndi yofiira ya mayi, kapena yofiira ya bambo ndi yoyera ya mayi, mwana ndi wonyamula. Yofiira ndi yofiira, mwana ndi wodwala. Mutawerenga ana a mabanja mazanamazana otere, mudzapeza kuti odwala ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi. Koma m'nyumba imodzi zimagwa mmene zagwera. Ndikudziwa banja la onyamula awiri lili ndi ana asanu, wodwala palibe. Ndikudziwa lina ana atatu, odwala onse."

A Andreya anakanda m'mutu. "Ndiye mukuti magaziwo atsimikiza kuti Obed ndi wa Aroni?"

Ndinkafunitsitsa kunena kuti eya. Koma kufulumira kuvomera n'kumene kunandifikitsa pamenepo, ndiye ndinadziletsa.

"Kuyeza kumeneku sikutchula dzina la bambo. Kumangonena kuti bambo wa mwanayu ali ndi S. Amuna ambiri alibe. Aroni ali nayo. Susana akanakhala kuti anayenda ndi mwamuna wopanda S, mwana sakanadwala n'komwe. Ndiye kudwala kwa Obed si umboni wa chigololo ngakhale pang'ono. Ngati muli ndi umboni wina, utulutseni. Koma ngati umboni wanu ndi nyemba zanga zija, mulibe mlandu."

A Samueli anatembenukira kwa Aroni. "Mkamwini, ulipo wina?"

Aroni anapukusa mutu. Misozi inali ikutsikira m'ndevu. Ndaona amuna akulira pa maliro, koma kulira kwa manyazi n'kwina, sikutuluka mawu. Anadzuka pa njerwa paja, n'kukagwada kumapeto kwa mkeka.

"Amake Chikhumbo, ndinalakwa. Tiyeni kunyumba."

Ine mumtima ndinati basi, zatheka, Ambuye alemekezeke. Ndinali nditayamba kale kuganiza za labala wofufutira pensulo uja.

Susana anachotsa mwana kubere, n'kumuika pa phewa, n'kumusisita pamsana mpaka anageya. Ndiye analankhula, ndipo sindinamumvepo akulankhula mawu ambiri chotero.

"Bambo a Chikhumbo, zaka zisanu ndi zitatu ndakhala pakhomo panu. Ndasoka fodya wanu mpaka zala kuchita matuza. Ndagona pansi pa simenti m'chipatala cha boma, mwana wanu akulandira magazi. Tsiku lija ndinakuuzani kuti sindidziwa mwamuna wina. Ndinakuuzani ndili chogwada, mwana wa masabata asanu ndi limodzi ali m'manja. Munati nyemba zanena. Munauza amayi anu, munauza a kumpingo, akazi a pa mjigo anandiloza zala. Lero nyemba zanena zina, mwagwada. Kondithamangitsa munamvera nyemba, kondiitana mwamveranso nyemba. Ine mawu anga munawamvera liti?"

"Ndinasokonezeka mutu, mayi."

"Ndikudziwa. Nanga mawa kukabwera wina wa yunifolomu n'kunena zina?"

A Samueli anayesa kulowererapo, kuti mphwanga, munthu wapepesa pamaso pa anthu, banja ndi kupirira. A Andreya nawo anati mbuzi ya chipepeso ibwera. Susana anawamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza.

"Ana ndi ake, amalume. Abwere kudzawaona tsiku lililonse limene afuna. Diana akafuna kukacheza kwa agogo ake apite. Koma ine ku Dzoole sindibwerera."

Aroni anakhala chogwada nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba la shati, n'kutulutsa nyemba yofiira ija, yakale, yofwifwa, itabooledwa ndi anankafumbwe. Sanandiponyere, sanandinyoze. Anabwera n'kundipatsa ndi manja awiri, monga mmene anandithokozera tsiku loyamba lija.

"Ndinakufunsani ngati ndamva bwino, a Nesi," anatero. "Munati chimodzimodzi."

Ine wa pakamwa, amene ndimazazira anthu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndinangoti pepani, kamawu kochepa ngati ka mwana.

Susana anandiperekeza mpaka pa msewu pamene wa kabaza ankandidikira. Ndinamupempha kuti andikhululukire, ndikulira ngati si ine.

"Inu simunandithamangitse, a Nesi," anatero. "Munangofulumira."

Bola akanandilalatira.

Masiku ano makolo atsopano akabwera kudzamva za sikoselo, ndimatseka chitseko. Mzere ufike pa bulugamu, udutse, ukafike ku tchalitchi, zawo zimenezo. Ndimawapatsa makapu, atole okha, abwezere okha, kakhumi kapena kupitirira. Ndikatero ndimati tsopano inu ndinu anesi, ine ndine mayi wobwera kumene, ndifotokozereni. Wonyamula ndi wodwala asiyana pati? Mwana woyamba akadwala, wachiwiri ali pabwino? Akayankha mokhota timayambiranso. Anzanga amati ndakalamba, ndayamba kuchedwetsa ntchito. Nyemba ya Aroni ili m'kabotolo ka mankhwala pa tebulo pangapo, ndipo sindiwauza kuti ndi ya chiyani.

Tsiku la kliniki ya ana a sikoselo Aroni amabwera. Amachokera kwa Dzoole pa njinga, Susana amachokera ku Ntchisi. Aroni ndiye amafika poyamba, n'kudikira pa geti. Amalandira Obed, n'kumufunditsa jekete lake, n'kumunyamula mpaka pa mzere. Mwanayo mphumi ndi makutu ndi bambo ake enieni, moti ngakhale a Andreya anavomera. Amakhala pa benchi imodzi, Chikhumbo pakati. Amakambirana za mankhwala, za neti, za sukulu ya mkaka ya Diana. Ine ndimawasuzumira pa windo ngati mtsikana, kudikira tsiku limene adzatulukire pa geti n'kulowera mbali imodzi.

Mwezi watha Susana analowa yekha, Aroni atatsala panja ndi ana. Anaika mabuku pa tebulo. Nditamaliza kulemba mankhwala sanawatenge. Anatsegula tsamba loyamba, n'kuloza pamene ndinalemba mudzi wa ku Ntchisi chaka chatha.

"Pensuloyi ikufufutika, a Nesi. Tsiku lina ku chipatala cha boma analephera kuwerenga."

"Ndiidetsenso?" ndinafunsa, ndikufunafuna pensulo m'dilowa.

"Ayi," anatero. "Lembani ndi bolopeni."

Ndinalemba, m'mabuku onse awiri.